K921,500 yalowa, koma ndi ya invoisi iti?

Wogulitsa katundu pangongole akalandira uthenga wa ku banki woti ndalama zalowa, amaona chiwerengero ndi dzina la wotumiza basi. Uthengawo sunena kuti ndalamazo zatseka ngongole iti. Ichi n'chifukwa chake wolipira amayenera kutumizanso kakalata kamene m'maofesi amakalemba mutu woti Remittance Advice.

Tiyerekeze sukulu yogonera komweko yomwe imatenga ufa ndi nyemba kwa mayi wina wa bizinesi ku Limbe. Mayiyo wapereka mainvoisi anayi: nambala 214 ya K400,000, nambala 221 ya K250,000, nambala 230 ya K350,000 ndi nambala 236 ya K300,000. Sukulu yasankha kulipira atatu oyambawo, omwe akukwana K1,000,000. Koma pa invoisi 221 panali nyemba zofumbwa za K50,000 zomwe zidabwezedwa, choncho patsala K950,000. Apo sukulu yadula msonkho wa 3 peresenti, K28,500, woti ikapereke ku MRA m'dzina la mayiyo. Zofika mu akaunti yake ndi K921,500.

Popanda kalata, kalaliki wa mayiyo amachita zomwe ambiri amachita: kuyamba kufafaniza ngongole zakale. Atseka 214 ndi 221 zonse, ndipo K271,500 yotsalayo aiika pa 230. Buku lake tsopano likuti sukulu ikadali ndi ngongole ya K78,500 pa invoisi imeneyo, pamene buku la sukulu likuti idamaliza. Palibe waba. K78,500 ija ndi nyemba zobwezedwa kuphatikiza msonkho. Koma mwezi ukatha sitetimenti ipita yolakwika, matelefoni ayamba, ndipo mwina ufa wa sabata yotsatira uimitsidwa ana akudikira nsima.

Kalata yolembedwa bwino imapereka mzere kwa invoisi iliyonse: nambala yake, tsiku, mtengo wonse, zomwe zachotsedwa ndi chifukwa chake, kenako zomwe zalipidwa. Pansi pamakhala tsiku lotumizira ndalama ndi nambala yomwe banki yapereka. Mizereyo ikaphatikizidwa iyenera kufanana ndendende ndi zomwe zalowa ku banki. Ikasiyana ngakhale ndi K100, penapake pali cholakwika, ndipo ndi bwino kuchipeza tsiku lomwelo.

Ine ndimaumirira pa mzere umodzi womwe ambiri amauiwala: wonena kuti invoisi 236 sinalipidwe ndipo idzalipidwa liti. Ukakhala chete pa iyo, wogulitsa sadziwa ngati idafika n'komwe.

Chithunzi cha risiti ya banki chotumizidwa pa WhatsApp sichilowa m'malo mwa kalatayi, ndiponso kalatayi si umboni woti ndalama zafika. Wogulitsa ayambe waona mu akaunti yake asanafafanize ngongole, ndipo afunse satifiketi ya msonkho wodulidwawo, chifukwa ndi imene adzaonetse ku MRA kuti K28,500 ija ichotsedwe pa msonkho wake wa chaka.