Mwana akhalebe mwana, ngakhale atavala za kaputeni

Makolo ambiri masiku ano amafuna chithunzi chachikulu chopachika pabalaza, choonetsa mwana wawo atavala gauni yoyera ya dokotala kapena yunifolomu ya woyendetsa ndege. Chimafunika kwambiri pa tsiku lokumbukira kubadwa ndiponso mwana akamatsazika kusukulu yamkaka. Koma zambiri mwa zithunzi zimenezi ukaziyang'ana umangoona kuti pena pake sipali bwino, ngakhale sungaloze msanga pamene palakwika.

Nthawi zambiri vuto limakhala mutu. Wokonza pakompyuta amadula mutu wa mwana n'kuumata pathupi la munthu wamkulu limene walipeza pa intaneti. Komatu mwana wa zaka 4 msinkhu wake wonse umakwana mitu yake pafupifupi 5, pamene wamkulu umakwana mitu 7 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye ukausiya mutuwo mmene ulili, umakulira thupilo. Ukauchepetsa, masaya aja ndi maso aakulu achibwana zimakhala pamapewa a bambo wandevu. Kenako yang'anani manja ndi khosi. Matupi ambiri otengedwa pa intaneti ndi a azungu, ndipo kudetsa khungu pakompyuta kawirikawiri kumasiya manja otuwa osagwirizana ndi nkhope. Kuwala nakonso kumaulula: nkhope yawala kuchokera kumanzere koma mthunzi wa kolala ukusonyeza kuti kuwala kunachokera kumanja.

Ine ndimaona kuti njira yabwino n'kumuveka mwanayo zenizeni n'kumujambula, kompyuta izingosintha za kumbuyo kwake. Tiyerekeze kuti mtsikana wa zaka 4 akufuna kukhala woyendetsa ndege, monga Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa ku Malawi kufika paudindo wa kaputeni. Malaya oyera akusukulu ndi tayi yakuda n'zokwanira. Telala asoke tinsalu tiwiri takuda ta pamapewa n'kuikapo mizere yachikasu. Apa muwerenge bwino: kaputeni amakhala ndi mizere 4, womutsatira nthawi zambiri 3. Mukalemba kuti “Kaputeni” mizere ili iwiri, odziwa za ndege adzaseka.

Muimikeni pakhonde kapena pafupi ndi zenera, kum'mawa kapena chakumadzulo, osati padzuwa la masana limene limamutsinzinitsa n'kudetsa m'maso. Kumbuyo kwake kukhale khoma la mtundu umodzi, ndipo ataliketalike nalo ngati mita imodzi kuti mthunzi usamatirire pakhomapo. Zimenezi zimathandiza podula, makamaka m'mphepete mwa tsitsi, mmene mumakonda kutsala kamzere koyera. Wojambula agwade kuti foni ifanane ndi maso a mwana. Mukajambula muli chiimire, mutu umakula, miyendo n'kufupika.

Pamene ambiri amagwa ndi potumiza chithunzicho kwa wosindikiza. Pepala la A3, lomwe ndi masentimita 29.7 m'lifupi ndi 42 m'litali, limafuna chithunzi cha timadontho, kapena kuti mapikiselo, osachepera 2,500 m'litali kuti chioneke bwino chili pakhoma. Foni ya mamegapikiselo 12 imajambula timadontho pafupifupi 4,000 m'litali, ndiye n'zokwanira. Koma mukachitumiza pa WhatsApp mwachizolowezi, chimafinyidwa mpaka cha m'ma 1,600, ndipo chikakulitsidwa nkhope imaoneka yachimbuuzi. Chitumizeni posankha Document, kapena pitani ndi foniyo kusitudiyo akachikopere komweko. Mukafuna kudziwa ngati chili bwino, chikulitseni pakompyuta mpaka diso lidzaze sikirini: nsidze zikamaoneka payokhapayokha, chingasindikizidwe.

Wokonza akamaika ndege kapena chipatala kumbuyo, asankhe chithunzi chimene kuwala kwake kukuchokera mbali yomweyo, ndipo achizimiritse pang'ono kuti maso a woona agwere pa mwanayo. Chizindikiro cha kampani ya ndege asachiikepo. Mawu achepe: dzina loyamba ndi mzere umodzi, monga “Kaputeni wa mawa”. Dzina lonse, sukulu ndi tsiku lobadwa zisalembedwe ngati mukuganiza zochiikanso pa Facebook, chifukwa pamenepo mwapatsa mlendo aliyense zonse zokhudza mwana wanu.

Musanalipire chachikulu, pemphani kuti akusindikizireni kaye kachidutswa ka nkhope yokha. Sikirini imawala yokha pamene pepala siliwala, choncho khungu lakuda limatuluka lodera kuposa mmene limaonekera pakompyuta, ndipo nthawi zina mphuno ndi masaya zimasowa. Zikatero, wokonza awalitse malo amthunzi okha, osati kumuyeretsa mwanayo mpaka agogo ake osamuzindikira. Chikatuluka, chiikeni mufulemu yagalasi kapena achikute ndi pulasitiki, ndipo muchipachike pakhoma losawombedwa ndi dzuwa, chifukwa inki ya makina ambiri imasuluka ikamapsa ndi dzuwa tsiku ndi tsiku.