Dontho lomaliza ndi lipoti la taitireshoni

M'labotale ya kusekondale, mtsikana wa Fomu 4 wagwira kampopi ka byureti ndi dzanja lamanzere, kwinaku lamanja likukhutchumula fulasiki. Madzi apinki akuzilala pang'onopang'ono. Dontho lina lagwa, ndipo ayera mbee! Taitireshoni yathera pomwepo, koma malikisi ambiri akudikira papepala.

Cholinga chake n'kupeza mphamvu ya NaOH pogwiritsa ntchito asidi wa HCl amene mphamvu yake ikudziwika kale, 0.100 mol/dm³. Gawo la njira limalembedwa moti mnzake amene anajomba tsikulo athe kubwereza zonse popanda kufunsa. Alembe kuti anatunga 25.0 cm³ ya NaOH ndi pipeti, anadonthezamo fenofutalini madontho awiri, anatsukuluza byureti ndi asidi yemweyo, ndiponso anaika fulasiki pa thailosi yoyera kuti aone bwino mtundu ukamasintha.

Tebulo la zotsatira limakhala ndi mizere itatu: pamene asidi anathera m'byureti, pamene anayambira, ndi kusiyana kwake. Ulendo woyamba ndi wongofufuzira, ndipo iye wapeza 24.60 cm³. Maulendo atatu otsatira apereka 24.10, 24.20 ndi 24.15. Nambala iliyonse ikhale ndi manambala awiri kutsogolo kwa kadontho, lomaliza likhale 0 kapena 5. Woyamba uja ulembedwe ndithu, koma usalowe mu avereji. Amalowamo okhawo osasiyana kuposa 0.10 cm³. Avereji ndi 24.15 cm³.

Masamu ake ndi aafupi, chifukwa molo imodzi ya HCl imathetsa molo imodzi ya NaOH:

```
0.100 × 24.15 ÷ 1000 = 0.002415 mol
0.002415 ÷ 0.0250 = 0.0966 mol/dm³
```

Pamene ophunzira ambiri amapunthwa ndi pa gawo la zolakwika. Amangolemba kuti "munthu amalakwitsa", mawu osathandiza aliyense. Wochonga amafuna kudziwa chimene chinalakwika ndi mbali imene chinakankhira yankho. Ngati byureti inatsukuluzidwa ndi madzi okha, asidi amasukuluka, pamafunika wambiri, ndiye NaOH amaoneka wamphamvu kuposa mmene alili. Kathovu ka mpweya kobisala kunsi kwa kampopi kamachitanso chimodzimodzi: kakatuluka, byureti imaonetsa ngati asidi wapita m'fulasiki pamene wangodzaza mpata wa mpweyawo. Choopsa n'chakuti vuto la kusukuluka likhoza kukhalapo maulendo onse, manambala n'kumagwirizana bwinobwino.

Palinso malire a chipangizo. Kuwerenga byureti kamodzi kungaphonye ndi 0.05 cm³, ndipo poti amawerenga kawiri, zimakwana 0.10. Pa 24.15, amenewo ndi pafupifupi 0.4 peresenti.

Mawu omaliza ayankhe cholinga chija m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Ngati botolo la aphunzitsi linalembedwa 0.100 mol/dm³, mtsikanayu alembe kuti wapeza 0.0966, kutsika ndi 3.4 peresenti, ndipo byureti yokha siingafotokoze kusiyana kotere. Asanamizire kathovu kapena madzi, poti izo zikanakweza yankho. Aganizire kaye ngati pipeti inali yonyowa ndi madzi pamene ankatungira NaOH.