Mtsikana mmodzi, masamba khumi ndi awiri, nkhope yosasintha

Mu Disembala 2022, Ammaar Reshi, amene ankagwira ntchito ku San Francisco m'dziko la Amerika, anatulutsa buku la ana lotchedwa Alice and Sparkle. Analipanga pa masiku ochepa chabe, ndipo zithunzi zake zonse zinachokera ku pulogalamu ya Midjourney, yomwe imajambula ikalemberedwa mawu. Akatswiri ojambula anakwiya pa zifukwa zingapo, koma china chinali choti aliyense angachione ndi maso ake: zala zopindika modabwitsa, komanso mtsikana wa m'nkhaniyo amene maonekedwe ake ankasinthasintha.

Vuto la zala lachepa kwambiri m'mapulogalamu atsopano. La nkhope likadalipo, ndipo m'buku la ana ndi lalikulu kuposa mmene akuluakulu timaganizira. Mwana wa zaka zinayi sawerenga mawu, amatsata nkhope. Mtsikana akaoneka ndi tsitsi lina patsamba lachisanu, mwanayo amafunsa kuti, "Nanga uyu ndani?" Nkhani yaduka pomwepo.

Gwero la vutoli ndi momwe mapulogalamu ngati Midjourney ndi Stable Diffusion amajambulira. Chithunzi chilichonse chimayamba ngati timadontho tosokonekera topanda tanthauzo, kenako pulogalamu imatikonza pang'onopang'ono mpaka patuluke chinthu chogwirizana ndi mawu amene mwalemba. Mukapempha chithunzi chachiwiri, imayambiranso pa timadontho tina, osakumbukira mwana amene inajambula poyamba paja. Zili ngati kuimbira foni anthu khumi ndi awiri odziwa kujambula, amene sanaonanepo, n'kuuza aliyense kuti ajambule "mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi wovala diresi lachikasu". Onse adzachita zimene mwanena, koma mudzalandira atsikana khumi ndi awiri.

Tiyerekeze kuti tikupanga buku la zithunzi 12, la mtsikana amene mbuzi yake yasowa. Timutche Chisomo. Ntchito yeniyeni imayamba tisanatsegule kompyuta, posankha zizindikiro zomuzindikirira. Zikhale zochepa, zitatu kapena zinayi, zazikulu ndi zosavuta kutchula: tsitsi lomangidwa timfundo tiwiri, diresi lachikasu lopanda maluwa, nkhope yozungulira, nsapato zofiira. Mtima ungafune kumuveka chitenje chokongola cha mbalame ndi masamba, koma pamenepo mwadziitanira mavuto. Pulogalamu idzalemba maluwa a chitenjecho mwatsopano pa chithunzi chilichonse, mbalame zisanduke nsomba, nsomba zisanduke mizere. Chipsera cha pa tsaya limodzi nachonso n'chovuta, chifukwa mapulogalamuwa amasokoneza kumanja ndi kumanzere, ndiye chipseracho chimasamukasamuka.

Zizindikirozo zilembedwe m'chiganizo chimodzi, ndipo chiganizocho chizikopedwa momwemo pa pempho lililonse, osasintha ngakhale liwu limodzi. Mapulogalamuwa amamva bwino Chingelezi kuposa Chichewa, choncho mawuwo angakhale otere:

```
6-year-old girl, dark brown skin, round face,
two small hair puffs, plain yellow dress, red shoes,
flat watercolor style
```

Chosintha ndi zochitika zokha, monga kuti akuthamanga m'munda wa chimanga kapena wakhala pakhonde. Khungu lake litchulidwe nthawi zonse. Mukasiya kulitchula, kapena chithunzi chikakhala cha dzuwa lowala kwambiri, Chisomo amayamba kuyera pang'onopang'ono, tsitsi n'kuwongoka, moti pofika tsamba lomaliza ndi mwana wa kwina.

Ambiri amamva za nambala yotchedwa seed n'kuganiza kuti mankhwala apezeka. Nambalayi imasankha timadontho toyambira tija. Mukagwiritsa ntchito nambala yomweyo ndi mawu omwewo, mumapeza chithunzi chofanana kapena choyandikira kwambiri. Koma buku silifuna chithunzi chimodzi kakhumi ndi kawiri. Mukangosintha mawu kuti Chisomo akwere mumtengo, nkhope imasinthanso, nambala ili yomweyo. Imathandiza poyesa zinthu zing'onozing'ono, basi.

Chimene chimathandizadi ndi kuionetsa pulogalamu chithunzi cha mwanayo. Choyamba mumapanga tsamba lachitsanzo: Chisomo ataimirira pamalo oyera opanda china chilichonse, akuoneka kutsogolo, cham'mbali ndi kumbuyo, kenako akuseka, akulira, akudabwa. Pa zambiri zimene zatuluka mumasankha chimodzi, ndipo chimenecho ndiye Chisomo mpaka buku lithe. Mu Malichi 2024, Midjourney inawonjezera lamulo la `--cref` la ntchito imeneyi. Pambuyo pa mawu anu mumaika adiresi ya chithunzi chachitsanzocho:

```
girl searching a maize field --cref URL --cw 100 --v 6
```

Nambala ya `--cw` imayambira pa 0 kulekeza pa 100. Pa 100 pulogalamu imayesetsa kusunga nkhope, tsitsi ndi zovala. Pa 0 imasunga nkhope yokha, zomwe zimafunika patsamba limene Chisomo wavala yunifolomu ya sukulu. Mu 2025, mtundu wachisanu ndi chiwiri wa Midjourney unabwera ndi `--oref` m'malo mwake, koma ganizo lake ndi lomwelo.

Apa pali msampha umene umakola ngakhale anthu osamala. Tsamba lachitatu likatuluka bwino, munthu amalitenga kukhala chitsanzo cha lachinayi, lachinayi n'kukhala chitsanzo cha lachisanu. Kusiyana kwa tsamba ndi linzake n'kochepa, diso silikuona, koma kumaunjikana. Maso amakula pang'ono, khosi limatalika, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amafika pamapeto ali namwali. Nthawi zonse bwererani ku chitsanzo choyamba chija.

Amene akufuna mabuku angapo a mwana yemweyo amapita patsogolo n'kuphunzitsa pulogalamu. Njira ya DreamBooth, imene ofufuza a ku Google anatulutsa mu 2022, inasonyeza kuti zithunzi zitatu mpaka zisanu zingakwane kuti pulogalamu idziwe chinthu chimodzi ndi dzina lake. Ogwiritsa ntchito Stable Diffusion amakonda njira yopepuka ya LoRA, ndipo kawirikawiri amasonkhanitsa zithunzi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri. Chofunika n'chakuti zithunzizo zisiyane kaimidwe ndi malo. Ngati m'zonse Chisomo waimirira akumwetulira, pulogalamu imaphunzira kuti kumwetulira ndi mbali ya nkhope yake, ndipo patsamba limene akulirira mbuzi yake adzakhala akusekerera ndithu. Kwa buku limodzi laling'ono, ine ndimaona kuti ntchito imeneyi ndi yochuluka kuposa phindu lake.

Tsamba lovuta kwambiri ndi limene Chisomo wakumana ndi agogo ake. Anthu awiri akakhala pachithunzi chimodzi, zizindikiro zawo zimasakanikirana: agogo amavala nsapato zofiira, Chisomo amatuluka ndi duku. Njira yabwino ndi kuyamba ndi chithunzi chonse, kenako kuzunguliza munthu mmodzi n'kuuza pulogalamu kuti ijambulenso malo okhawo potsatira chitsanzo chake. Ena amajambula aliyense payekha n'kuwalumikiza m'pulogalamu yaulere ngati GIMP kapena Krita. Mbuzi nayonso ndi mtengambali m'nkhaniyi, ndipo mawanga ake amasamuka kuposa maluwa a chitenje. Ikhale yoyera yonse, kapena yakuda yonse.

Zithunzi zonse 12 zikatheka, musazione chimodzichimodzi pa foni. Zisindikizeni zing'onozing'ono papepala limodzi, chitsanzo chili pambali, ndipo muzitsata chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse: tsitsi lokha m'masamba onse, kenako khungu, kenako msinkhu wa Chisomo poyerekeza ndi mbuzi kapena chitseko. Msinkhu ndi umene umaiwalika kwambiri, chifukwa chithunzi chachitsanzo sichiuza pulogalamu kuti mwanayo ndi wamtali bwanji akaima pafupi ndi agogo. Pamene diresi lachikasu lapita ku mtundu wa lalanje, musayambenso chithunzi chonse, mungataye nkhope yabwino imene munaipeza movutikira. Likonzeni ndi dzanja mu Krita, potenga mtundu weniweniwo pa chitsanzo choyamba.