Kalata yakusukulu ikati mwana wanu ali ndi vuto la kuwerenga

Makalata ambiri amene ana amabwera nawo kunyumba kuchokera kusukulu ndi oitanira makolo kumsonkhano kapena okumbutsa za ndalama za chitukuko. Koma ilipo ina imene kholo likaimva limayamba lakhala chete. Ndi kalata yonena kuti mwana wayesedwa ndipo wapezeka ndi vuto lapadera la kuphunzira. Ena akamva zimenezi amangoti basi, mwanayu mutu wake sugwira. Ena amayamba kuganizira anthu amene anakangana nawo za malire a munda. Kawirikawiri maganizo otere amadza chifukwa kalatayo yatchula dzina la vuto koma osafotokoza mmene oyesawo anafikira pamenepo.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 10, wa Sitandade 4 pa sukulu ina ya kufupi ndi chipata cha Mwami m'boma la Mchinji. Mwanayu ngochenjera. Akatumidwa kumsika samubera chenji, nthano akaimva kamodzi amaifotokoza yonse. Koma mukamupatsa buku la Chichewa amayamba thukuta. Mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera wakhala naye kangapo, ndipo walembera makolo. Kalata yolembedwa bwino ingayambe motere:

"Okondedwa bambo ndi mayi, tikuthokoza kuti munatilola kuona mmene mwana wanu akuphunzirira. Tapeza kuti amamva bwino zimene wauzidwa, amayankha mwanzeru, ndipo masamu a pamtima amakhoza ngati anzake. Pomwe pakumuvuta ndi pa kuwerenga ndi kulemba mawu. Mwana wanu si waulesi, ndipo si inu amene munachititsa vutoli."

Kuyamba ndi zimene mwana amatha si kunyengerera makolo ayi. Ndi mbali ya zotsatira zenizenizo. Vutoli amati lapadera chifukwa limagwira luso limodzi kapena awiri, pomwe nzeru za mwanayo pa zinthu zina zili bwinobwino. Likagwira kuwerenga, akatswiri amalitcha disilekisiya. Likagwira manambala amati disikalikuliya, ndipo liliponso logwira kulemba. Buku limene madokotala a ku America amagwiritsa ntchito pozindikira mavuto a ubongo ndi maganizo, DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, linaika onsewa pansi pa dzina limodzi, ndipo limati ana 5 mpaka 15 mwa 100 alionse a msinkhu wa kusukulu ali nalo. Limakonda kuyenda m'magazi. Si zachilendo kuti bambo kapena amalume a mwanayo anene kuti nawonso sukulu anaisiyira pa kuwerenga komweko.

Kenaka kalata imafika pa manambala, ndipo apa mpamene makolo ambiri amasokera. Kwa mtsikana wathuyu ingati: "Tinamuonetsa zilembo chimodzichimodzi ndipo zambiri anazidziwa. Maphatikizo osavuta monga ma, ka, lu amawatha. Koma pa maphatikizo a zilembo zingapo monga nkha, mphe ndi ntchi amaima. Tinamupatsa kankhani ka msinkhu wa Sitandade 2, ndipo pa mphindi imodzi anawerenga molondola mawu 9. Titamuwerengera ife nkhani yomweyo n'kumufunsa mafunso 5, anakhoza onse."

Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma kaonekedwe kake ndi kamene oyesa amayang'ana. Mwana wakhoza mafunso onse nkhani itawerengedwa ndi wina, ndiye kuti chilankhulo amachimva ndipo amaganiza bwino. Chikumukanika ndi kulumikiza chilembo ndi liwu lake mwachangu. Nchifukwa chake oyesa amachitanso zinthu zooneka ngati masewera. Amamufunsa kuti, mawu oti "mbale" ukachotsa "mba" patsala chiyani? Kapena amamupatsa mawu opeka opanda tanthauzo, monga "tefu" ndi "zalo", kuti awerenge. Mawu otere mwana sangawaloweze kapena kuwalota poona chithunzi, choncho amaonetsa poyera ngati akuwerengadi.

Chichewa chimalembedwa pafupifupi mmene chimatchulidwira, ndiye mwana wa vutoli amatha kufika pa mawu olondola, koma pang'onopang'ono kwambiri, mwakuti akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Izi zimabisa vutoli kwa zaka. Limadzaonekera mu Sitandade 5, pamene maphunziro amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, chilankhulo chimene kalembedwe kake sikatsata katchulidwe. Za kutembenuza zilembo, kulemba b m'malo mwa d, anthu amazikuza kwambiri. Ana ambiri a zaka 6 ndi 7 amatero ndipo amasiya okha.

Mbali ya kalata imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa dzina la vutolo ndi yonena zimene oyesa anayamba achotsa. Malamulo a kazindikiridwe ka vutoli amati likhale litatha miyezi 6 kapena kuposerapo ngakhale mwana wathandizidwa mwapadera pa luso lomwelo. Amatinso lisakhale lochokera ku maso kapena makutu, ku kuchepekedwa nzeru, ku kusadziwa chilankhulo cha m'kalasi, kapena ku kusaphunzitsidwa mokwanira. Kwathu kuno mfundo yomalizayi ndi yolemera. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ang'onoang'ono amadzaza, ndipo mwana wokhala kumbuyo kwa anzake ochuluka akhoza kutha chaka osawerengako mokweza pamaso pa mphunzitsi. Ngati theka la kalasi silikutha kuwerenga, sitinganene kuti onsewo ali ndi disilekisiya.

Kumalire kulinso zake. Mabanja a ku Mchinji ndi a ku Chipata ndi amodzi, ndipo mwana amatha kuyamba sukulu ku Zambia ali kwa azakhali ake, n'kudzapitiriza kuno. Kumeneko Chinyanja amalemba "c" pamene ife timalemba "ch", motero mwana wolemba "cimanga" pa lembetso sanalakwe chifukwa cha ubongo, walemba zimene anaphunzitsidwa. Wina kwawo amalankhula Chinsenga. Wina amajomba nyengo yokolola mtedza ndi soya, kapena makolo ake amasamukasamuka m'maesiteti a fodya. Wina anadwalapo malungo aakulu ofika ku ubongo, kapena khutu lake limatuluka mafinya. Kalata yoona imanena kuti tinaona kaundula wa kabweredwe kake, tinafunsa kumene anayambira sukulu, ndipo maso ndi makutu anayezedwa kuchipatala. Ngati zimenezi mulibe, kholo lili ndi ufulu wofunsa, ndipo lifunse ndithu. Kuyeza maso ndi makutu kungayambire pa chipatala chaching'ono chapafupi, kumene angakutumizeni ku chipatala cha boma cha Mchinji, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe ngati pafunika akatswiri. Musaiwale kabuku ka kuchipatala ka mwanayo.

Tinenenso kuti mayeso ambiri otchuka a vutoli anakonzedwa m'Chingerezi poyerekeza ndi ana a maiko ena. Mphunzitsi amene anaphunzira ntchitoyi ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, komwe amasula aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, nthawi zambiri amadalira kuona ntchito ya mwana, kucheza ndi makolo ndi kumuyesa m'Chichewa. Choncho kalata yake ikati "zizindikiro zikuonetsa" m'malo moti "tatsimikiza", sikuti akuzemba. Akunena zoona, ndipo thandizo siliyenera kudikira chidindo cha dokotala.

Ndiye thandizolo ndi lotani? Vutoli lilibe mapiritsi kapena jakisoni, ndipo magalasi sathandiza ngati maso ali bwino. Chimene chimagwira ntchito ndi kuphunzitsa maliwu ndi zilembo mwadongosolo, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, m'kagulu kakang'ono. Kalata ya mtsikana uja ingapitirire kuti: "Kuyambira sabata yamawa azikumana ndi mphunzitsi pamodzi ndi anzake atatu, kanayi pa sabata, kwa mphindi 30. Tiyambira pa maphatikizo a zilembo zitatu monga mba ndi nda, tisanafike pa nkha ndi mphe. M'kalasi azikhala kutsogolo, sitizimuimiritsa kuti awerenge modzidzimutsa pamaso pa anzake, ndipo mayeso ena tizimufunsa pakamwa. Tidzamuyesanso kumapeto kwa teremu ndipo tidzakuitanani."

Taonani kuti m'ndime imeneyi muli woti achite, tsiku loyambira, ndi nthawi yodzaonanso. Kalata yongoti "mwanayu akufunika chithandizo chapadera" n'kuthera pomwepo ili ngati kuuza munthu kuti mlatho waduka osamulozera pooloka. Si sukulu iliyonse ili ndi chipinda cha ana a zosowa zapadera, ndipo mphunzitsi mmodzi amatha kuyendera sukulu zingapo. Ngati pa sukulu yanu palibe, mphunzitsi wamkulu angalumikizane ndi mlangizi wa maphunziro wa m'zoni kapena ofesi ya maphunziro ya paboma.

Kubwereza kalasi ndiye njira imene ambiri amathamangira. Koma kumva phunziro lomwelo, mwa njira yomweyo, m'chigulu chomwecho, sikuphunzitsa mwanayu chimene chinamukanika poyamba. Amangokula msinkhu pakati pa ana aang'ono, manyazi n'kumuchotsa pasukulu. Ngati abwereze, pakhale chosintha pa kaphunzitsidwe.

Kunyumba, mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse zimaposa maola awiri Loweruka. Kholo losadziwa kuwerenga lisadzione ngati lopanda gawo, chifukwa masewera a maliwu safuna buku: kuomba m'manja pa phatikizo lililonse la dzina la mwana, kapena kupikisana kutchula mawu oyamba ndi "nkh" uku mukusenda mtedza. Mkulu wake wa mwanayo angamuwerengere notsi za sayansi mokweza kuti asatsalire pa maphunziro ena. Mkwapulo ndi mayina achipongwe zokha ndiye zisiyidwe, pakuti mwana wamantha amayamba kulota mawu kuti athane nazo msanga.

Kalatayi muisunge pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala kaja. Mwana akasamukira sukulu ina, kuno kapena kutsidya kwa malire, mphunzitsi watsopano sadzayambanso pachiyambi. Idzafunikanso polembetsa mayeso a Sitandade 8, chifukwa sukulu ndiyo imadziwitsa bungwe la MANEB za ana a zosowa zapadera, ndipo nkhaniyi njofunika kuikamba ndi aphunzitsi aakulu kulembetsa kusanayambe. Komanso kalatayi ndi ya banja ndi aphunzitsi a mwanayo, si yowerengedwa pa msonkhano wa makolo.

Pa tsiku lodzaonanso lija, funsani manambala omwe aja. Ngati mtsikanayu wachoka pa mawu 9 kufika pa 16 pa mphindi, sanawapeze anzake, koma njirayo ikugwira ndipo ipitirire. Ngati sanasunthe, funso loyamba ndi lakuti makalasi apaderawo anachitikadi kangati, ndipo iye anapezekapo kangati. Zikapezeka kuti zonse zinachitika monga mwa pangano, mpamene oyesa amabwereranso kukaona makutu, kukomoka kwa kanthawi kochepa kumene ena sakuzindikira kuti ndi khunyu, kapena vuto la kusakhazikika maganizo, limene kawirikawiri limayendera limodzi ndi la kuwerenga.