Gogo akutsegula m'mimba, kapena chimbudzi chauma n'kutseka njira?

Taganizirani za gogo wina wa zaka 80 amene anagwa kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atatuluka m'chipatala anangokhala chigonere pamphasa, akumwa tiramadolo kuti ululu uchepe. Madzi ankakana, poopa kuvutitsa ana kuti amunyamule popita kukataya madzi usiku. Patapita masabata awiri, mwana wake wamkazi anayamba kupeza chitenje cha mayi ake chitathimbirira ndi chimbudzi chamadzimadzi, m'mawa, masana, ngakhale pakati pa usiku. Banja lonse linagwirizana kuti gogo watsegula m'mimba. Mdzukulu anathamangira kugolosale kukagula mapiritsi oletsa kutsegula, wina anabweretsa fulajilo. Zinthu zinangoipiraipira. Mimba inatupa, nsima anaikana, mikodzo inayamba kuvuta, ndipo tsiku lachitatu gogoyo anayamba kuitana abale amene anamwalira kalekale.

Gogoyu sanatsegule m'mimba. Anali atadzimbidwa koopsa, ndipo mankhwala amene anapatsidwa anawonjezera vutolo.

Ntchito imodzi ya thumbo lalikulu ndi kuyamwa madzi kuchokera m'zotsalira za chakudya. Chimbudzi chikakhalitsa mmenemo, thumbo limapitirizabe kuyamwa mpaka chimauma gwa n'kukhala chibuluma chimene munthu wofooka sangathe kuchikankha. Chibulumacho chimakhazikika kumapeto kwa thumbo, pafupi ndi kotulukira, ndipo chimakula tsiku ndi tsiku. Pamwamba pake chimbudzi chatsopano chikadali chamadzi, ndiye chimafunafuna mpata n'kumadutsa m'mbali, monga madzi amachitira ngalande ikatsekedwa ndi mwala. Komanso thumbo likatanuka kwa nthawi yaitali, mnofu umene umatseka kotulukira umalekerera, ndipo munthuyo samvanso kuti akufuna kupita kuchimbudzi. N'chifukwa chake nkhalamba yotere imadziipitsira osadziwa. Kuikalipira kuti ikuchita dala n'kuilakwira.

Kusiyanitsa kwake si kovuta kwa munthu wochapa zovala. Wotsegula m'mimba zenizeni amatulutsa zambiri nthawi imodzi, kawirikawiri atamva kupotokola, ndipo ena m'nyumbamo amathanso kudwala. Wodzimbidwayu amangochucha pang'onopang'ono osalekeza, zonunkha kwambiri, nthawi zina zosakanikirana ndi timibulu touma ngati manyi a mbuzi. Funso lofunika kwambiri ndi lakuti: kodi chimbudzi chenicheni, chochuluka bwino, anachita liti komaliza? Mabanja ambiri akafunsidwa amayang'anana, kenako wina amakumbukira kuti papita sabata kapena kuposerapo.

Chibulumacho chimapanikizanso chikhodzodzo, mwakuti mikodzo imatsekeka kapena kumangodontha. Kwa okalamba, zimenezi zokha zimatha kusokoneza mutu mwadzidzidzi, ndipo kwathu kuno sipatenga nthawi kuti wina atchule za ufiti.

Amene vutoli limawagwira kwambiri ndi ogona pamphasa: ofa ziwalo chifukwa cha sitiroko, othyoka mafupa, oiwalaiwala chifukwa cha ukalamba, ndi odwala khansa. Mankhwala nawo ali ndi mlandu waukulu. Mofini, kodini ndi tiramadolo zimachedwetsa matumbo mwa anthu ambiri ozimwa, n'chifukwa chake osamalira odwala matenda aakulu amapereka mofini limodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi kuyambira tsiku loyamba. Mapiritsi owonjezera magazi ndi amitiripitilini amachitanso chimodzimodzi. Loperamaidi, amene banja lija linagula, amaimitsa matumbo amene anali ataima kale.

Kuchipatala, namwino kapena dokotala amayamba wagwira mimba, kenako amamugoneka wodwala chammbali, cha kumanzere, mawondo atapinda, n'kulowetsa chala chovala golovesi yopaka mafuta. Kuyezaku kumatenga mphindi imodzi yokha ndipo nthawi zambiri kumathetsa mkangano, chifukwa chala chimagunda chibuluma cholimba. Chala chikapeza mopanda kanthu sindiye kuti nkhani yatha, popeza chimbudzi chimatha kuunjikana chakumtunda kumene chala sichifika, ndipo apo ekisire ya pamimba imathandiza.

Kuchotsa kumayambira pansi. Ngati chibulumacho sichinalimbe kwambiri, amaika kamankhwala kosungunuka ka gilisalini kapena ka bisakodilo kotulukira, kamene kamagwira ntchito pasanathe ola. Chikakhala cholimba, amapopera mankhwala amadzi otchedwa enema. Ya mafuta amaisiya usiku wonse kuti ifewetse. Ya fosifeti imagwira msanga, koma ndi yoopsa kwa nkhalamba ya impso zofooka kapena yosowa madzi m'thupi, chifukwa mchere wake umalowa m'magazi. Zonsezi zikakanika, namwino amachotsa ndi chala: amapaka mankhwala ochititsa dzanzi, amaphwanya chibulumacho pang'onopang'ono n'kumachotsa zidutswazidutswa, kwinaku akuyang'anira kugunda kwa mtima, chifukwa kukhudza malo amenewo kumatha kuuchedwetsa mpaka munthu kukomoka. Ndi ntchito yochititsa manyazi kwa wodwala, choncho pamafunika chotchinga, kumufotokozera ndi kumupempha chilolezo, ngakhale akuoneka wosokonezeka.

Pansi pakatseguka amatsuka kuchokera kumwamba. Kumene makirogolo amapezeka, muyezo wake pa vutoli ndi timapaketi 8 tosungunula mu lita imodzi ya madzi, yomwa pa maola 6, kwa masiku osapitirira atatu, ndipo wodwala mtima amamwa mochedwerapo. Lakitulozi, wamanyuchi uja, amayamba ndi mamililita 15 kawiri pa tsiku, koma amatenga mpaka masiku awiri kuti agwire, ndipo amatupitsa mimba ndi mpweya. Pa masiku amenewa kuchucha kumawonjezereka kaye. Apa ndi pamene mabanja ambiri amachita mantha n'kusiya mankhwala, ntchito ili pakati.

Pali zimene siziyenera kuyesedwa kunyumba. Kupopera madzi a sopo kapena a zitsamba kumawotcha thumbo, ndipo kutokosa ndi kamtengo kumatha kuliboola. Ndipo ngati mimba yatupa ngati ng'oma, wodwala akusanza, sakutulutsa ngakhale mpweya, kapena akubuula ndi ululu, musamupatse mankhwala aliwonse otsegula m'mimba. Mwina thumbo lapotana, vuto limene madokotala a opaleshoni m'zipatala zazikulu za ku Malawi amakumana nalo kawirikawiri, makamaka mwa abambo achikulire. Ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi m'chimbudzi ndi kuwonda kosadziwika bwino nazonso zimafuna kufufuza ngati palibe chotupa.

Gogo wa m'chitsanzo chathu, akachotsedwa chibulumacho ndi kuikidwa kapaipi kotulutsa mikodzo kwa kanthawi, amatha kuyambanso kuzindikira ana ake ndi kupempha phala pakangopita tsiku limodzi kapena awiri. Koma thumbo lotanuka limatenga masabata kuti libwerere mwakale, ndipo likasiyidwa limadzazanso. Choncho mankhwala ofewetsa amapitirira, makamaka ngati tiramadolo akumwabe. Madzi, thobwa kapena tiyi aziperekedwa pang'onopang'ono tsiku lonse osadikira kuti apemphe, chifukwa okalamba samva ludzu msanga. Papaya, mango, masamba ndi phala la mgaiwa zimathandiza njira ikatseguka, osati isanatseguke, ndipo popanda madzi okwanira gaga amangowonjezera katundu. Akatha kudya m'mawa, pamene matumbo amadzuka okha, gogo akhazikidwe pa mpando wobooledwa pakati, ndowa ili pansi, mapazi ataponda kanthu, chifukwa kuchita chimbudzi chigonere n'kovuta ngakhale kwa wamphamvu.

Inu osamalira nkhalamba, chongani pa kalendala tsiku lililonse limene gogo wachita chimbudzi chenicheni. Pakadutsa masiku atatu opanda chochonga, uzani namwino, ndipo chitenje chikayamba kuthimbirira musagule loperamaidi munthu asanamuyeze.