Kuika munthu pa chithunzi chomwe sanajambulitse nawo

Pa ukwati banja lonse lajambulitsa kutsogolo kwa nyumba, koma mchimwene wa mkwatibwi anali ku Joni. Iye watumiza chithunzi chake pa foni, ndipo abale apempha mnyamata wa ku situdiyo kuti amuikepo. Kudula munthu pa chithunzi china n'kumumata apa sikuvuta. Chovuta n'chakuti aoneke kuti anaimadi pa bwalolo, ndi msinkhu wake weniweni.

Ambiri amangoyerekeza ndi maso, kukulitsa ndi kuchepetsa mpaka aone ngati zakhala bwino. Ine njira imeneyi sindiikhulupirira, chifukwa chithunzi chili ndi muyeso wake kale. Muyesowo ndi mzere wopingasa womwe uli pa msinkhu wa kamera. Mukaima m'mbali mwa nyanja, mzerewu ndi paja madzi akumana ndi thambo. Kutsogolo kwa nyumba suoneka, koma umapezeka: tsatirani mizere ya khoma lomwe likupita kutali, wa m'munsi mwake ndi wa m'mphepete mwa denga, muitalikitse mpaka ikumane. Pokumanapo jambulani mzere wopingasa chithunzi chonse.

Pamalo athyathyathya, mzere umenewu umadula chilichonse pa msinkhu umodzi kuchokera pansi, kaya chili pafupi kaya kutali. Ngati wojambula anagwira kamera pa mita 1.5, mzerewo udutsa pa mita 1.5 pa munthu aliyense woima pa bwalolo. Chitseko chimathandiza kudziwa msinkhuwo, popeza zitseko zambiri za nyumba n'zotalika pafupifupi mamita 2. Mzere ukadutsa pa magawo atatu mwa anayi a chitseko kuchokera pansi, ndiye kuti kamera inali pa mita 1.5.

Tsopano sankhani pomwe mchimwene uja aponde, ndipo muyambire kumapazi, osati kumutu. Tinene kuti kuchoka pomwe papondedwepo kufika pa mzere uja pali mapikiselo 900. Mapikiselo 900 amenewo akuimira mita 1.5, choncho pamalo amenewo mita imodzi ndi mapikiselo 600. Abale akuti mnyamatayo ndi wamtali mita 1.7. Ndiye kuti pa chithunzi akhale wa mapikiselo 1,020 kuchokera kuphazi kufika paliwombo, ndipo mzere umudutse chapachibwano. Mukamusunthira kumbuyo, pomwe mapazi ali mapikiselo 600 okha pansi pa mzere, msinkhu wake utsike kufika pa 680, koma chibwano chikhalebe pa mzere womwewo. Apa mpomwe ambiri amagwa. Amakweza munthu m'mwamba osamuchepetsa, ndipo amaoneka ngati chimphona choima kumbuyo kwa anzake, kapena ngati akuyandama.

Mu Photoshop kukulitsa ndi kuchepetsa kumachitika ndi Ctrl+T. Onetsetsani kuti kutalika ndi kutambalala zikusintha limodzi, apo ayi munthu wochepa thupi asanduka wojintcha. Ndi bwinonso kuyamba mwasandutsa chithunzi chake kukhala Smart Object, kuti chisafufuzike mukachichepetsa n'kuchikulitsanso.

Pali vuto lina lomwe masamu onsewa sangathetse. Chithunzi cha ku Joni chija chinajambulidwa ndi kamera yake, pa msinkhu wake. Ngati mnzake anamujambula atakhala pa mpando, tidzaona kunsi kwa chibwano ndi mphuno, miyendo idzaoneka yaitali, pamwamba pa mapewa sipadzaoneka. Ngati anamujambula ali pa masitepe, tidzaona paliwombo, ndipo nsapato zidzaoneka ngati zikulozera pansi. Yang'anani nsapato za anthu a pa ukwati aja, muone kuchuluka kwa pamwamba pake pomwe pakuoneka, kenaka muyerekeze ndi zake. Zikasiyana kwambiri, diso la aliyense lidzakana chithunzicho, ngakhale la agogo omwe sanagwirepo kompyuta.

Mtunda nawo umalowerera. Foni ikajambula munthu wathunthu ili pafupi kwambiri, chiwalo chomwe chayandikira kamera chimakula kuposa zinzake, kaya mutu kaya mapazi. Gulu la pa ukwati limajambulidwa wojambula ataima patali, ndipo matupi awo amaoneka olingana bwino. Kukoka makona a chithunzi ndi Distort kumawongolako pang'ono, koma sikungaonetse mbali ya thupi yomwe kamera sinaione. Chanzeru n'kumuimbira mwini wakeyo ajambulitsenso: aime pamalo athyathyathya, womujambula aimirire pa mtunda wofanana ndi wa pa ukwati, foni aigwire mowongoka pa msinkhu wa chibwano chake, ndipo mapazi onse aoneke.

Muyeso wa mzere uja umagwira pokhapokha onse aponda pamalo ofanana. Ngati bwalo n'lotsetsereka, kapena mukufuna kumuimika pa khonde lokwera, yezerani ndi munthu amene waima pambali pake penipeni, yemwe msinkhu wake abale akuudziwa. Mukamaliza, ikani kamthunzi kakuda kopyapyala pomwe nsapato zakhudza dothi, ndipo mthunzi wake wautali ulowere komwe ya anzake yalowera.