Pepala linali m'sutikesi, koma chaka chinali chitatha

Moto unabuka pakati pa usiku kumzere wa ogulitsa chakudya, mwina pa mbaula yomwe wina sanazimitse bwino. Pofika m'bandakucha unali utanyeketsa okala ya mayi wina wogulitsa zitenje, yemwe anali atangopikula katundu wa K3 miliyoni pokonzekera Khirisimasi. Anzake ankalira mokuwa, koma iye mtima unali m'malo pang'ono poti anali ndi inshuwalansi.

Anakatenga lipoti la apolisi, natulutsa pepala lake m'sutikesi, nakwera minibasi kupita ku ofesi ya kampani. Kalaliki anayang'ana pa kompyuta, kenaka anamuloza mzere umodzi pa pepalalo.

"Mayi, pepani. Inshuwalansi yanu inatha pa 30 Novembala. Moto wachitika pa 18 Disembala."

"Koma mwanawe, ine ndinalipira!"

"Munalipiradi, koma za chaka chatha."

Apa ndi pomwe amalonda ambiri amagwera m'mbuna. Inshuwalansi ya moto kawirikawiri imakhala ya miyezi 12 yokha. Tsiku loyambira ndi lothera amalilemba pa pepala lomwelo, ndipo likadutsa musanalipirenso, mgwirizano watha ngakhale pepala lili losungika bwino. Ena amasokoneza ndi inshuwalansi ya moyo kapena ya maliro, yomwe nthawi zambiri imapereka masiku angapo okudikirirani mukachedwa kulipira. Pa katundu musadalire zimenezo pokhapokha zitalembedwa mu mgwirizano wanu.

Kampani inali itamutumizira uthenga womukumbutsa, koma unapita pa nambala yomwe anasiya atabedwa foni. Ine ndimaona kuti uthenga umodzi pa foni ndi wochepa kwa munthu amene amakhala pa benchi kuyambira mamawa mpaka madzulo. Makampani ndi maejenti awo akanamafika mumsika momwemo monga amachitira pofuna makasitomala atsopano. Komabe udindo wodziwa tsikulo umakhala wa mwini katundu.

Mayiyu anapempha kuti alipire pomwepo ndalama zonse za chaka. Anamuuza kuti angathe kutero, koma zidzateteza katundu wa m'tsogolo basi, chifukwa inshuwalansi ndi ya ngozi yomwe isanachitike.

Nkhani ikanakhala ina akanakhala kuti anapereka ndalama kwa ejenti wa kampaniyo tsiku lisanakwane, ali ndi lisiti yake m'manja. Pamenepo akanalemba dandaulo ku kampani, ndipo ikakana, akanapita nalo kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, komwe amalandira madandaulo otere. N'chifukwa chake polipira muzifunsa lisiti yokhala ndi dzina la kampani komanso pepala latsopano losonyeza masiku a chaka chatsopano.

Iye analibe zonsezi. Anabwereka ku banki m'khonde, nayambiranso ndi zitenje 20 pa thebulo la mchemwali wake.